Momwe mungasandutsire masilaidi a m'kalasi kukhala manotsi omveka ngakhale patapita miyezi

Ophunzira zaumoyo akafika pa mutu wa kuyeza matenda amakumana ndi silaidi yofanana ndi iyi:

```
Sensitivity = TP / (TP + FN)
Specificity = TN / (TN + FP)
PPV ↑ with prevalence
e.g. mRDT (HRP2)
```

Mphunzitsi akhoza kutha mphindi 15 akufotokoza mizere inayiyi, ndipo pa nthawiyo zonse zimamveka bwino moti wophunzira saona chifukwa cholembera kanthu. Koma pakatha miyezi itatu, mayeso ali pakhomo, silaidiyo imakhala ngati chikwangwani cha pamsewu chomwe chatsala ndi mayina a malo koma mivi yake inafufutika. Chifukwa chake n'chakuti silaidi imasunga mayina a zinthu okha, pamene mawu olumikiza zinthuzo, monga "chifukwa", "choncho", "koma" ndi "pokhapokha", mphunzitsi anawanena pakamwa ndipo anathera m'kalasi momwemo. Ntchito yonse yomwe tifotokoze pano ndi yobwezeretsa mawu olumikizawo, ndipo tigwiritsa ntchito silaidi imeneyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba, konzekerani kalasi isanayambe. Ngati masilaidi mwawalandira kale, onetsetsani kuti iliyonse ili ndi nambala, kuti m'kope mwanu muzingolemba nambalayo m'malo mokopera zomwe zili kale pakhoma. Amene ali ndi mwayi wosindikiza angasankhe 3 Slides mu PowerPoint, pakuti imaika masilaidi atatu pa tsamba limodzi ndi mizere yolembapo pambali. Ndi bwinonso kutsegula View kenaka Notes Page, chifukwa aphunzitsi ena amalemba zowonjezera pansi pa silaidi, ndipo zimenezo nthawi zambiri sizioneka fayilo ikasandutsidwa PDF. Muli m'kalasi, lembani zokhazo zomwe palibe pa silaidi: chitsanzo chomwe mphunzitsi wapereka, funso lomwe mnzanu wafunsa pamodzi ndi yankho lake, komanso malo pomwe mphunzitsi wachenjeza kuti ambiri amalakwitsa.

Chachiwiri, musachedwe. Kafukufuku wa Hermann Ebbinghaus, yemwe anasindikizidwa mu 1885, anaonetsa kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira ndipo kenaka kumayamba kuchepa liwiro. Iye ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kotero manambala ake sitingawatengere ku phunziro la m'kalasi monga momwe alili, koma mfundo yake imagwirizana ndi zomwe wophunzira aliyense amaona. Khalani pansi madzulo a tsiku lomwelo, kapena mawa lake mukachedwetsa, mawu a mphunzitsi akadali m'makutu.

Chachitatu, musanalembe chiganizo chilichonse, pezani funso lomwe silaidiyo ikuyankha ndipo mulilembe pamwamba. Pa silaidi yathuyi funso lake likhoza kukhala lakuti: "Kachipangizo koyezera malungo kakaonetsa kuti munthu ali ndi malungo, tingakakhulupirire mpaka pati?" Ngati mwalephera kupeza funso, ndiye kuti silaidiyo simunaimvetse, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo lero kusiyana ndi usiku woti mawa lake ndi mayeso.

Chachinayi, ndipo apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, sandutsani mzere uliwonse kukhala ziganizo zathunthu. Yambani ndi kumasula zidule zonse pa malo oyamba pomwe zaonekera, ngakhale zikuoneka zosavuta lero. TP ndi anthu omwe akudwaladi ndipo chipangizo chawapeza ndi matenda. FN ndi omwe akudwala koma chipangizo chawaphonya. TN ndi omwe alibe matenda ndipo chipangizo chavomereza. FP ndi omwe alibe matenda koma chipangizo chawanamizira. Kenaka werengani fomula iliyonse kuyambira pansi pa mzere wogawira, chifukwa pansipo m'pamene pamanena gulu la anthu lomwe tikukamba. Pa mzere woyamba, TP + FN ndi anthu onse odwala, choncho manotsi anu anene kuti: "Mwa anthu onse omwe alidi ndi malungo, ndi angati omwe chipangizo chimawapeza?" Pa mzere wachiwiri, TN + FP ndi onse omwe alibe malungo, ndipo funso n'lakuti ndi angati mwa iwo omwe chipangizo chimawaonetsa molondola kuti alibe.

Mukafika pa mzere wachitatu mupeza kuti silaidi yadumpha sitepe, pakuti yatchula PPV, yomwe ndi mwayi woti munthu wopezeka ndi matenda akudwaladi, popanda kupereka fomula yake. Mipata yotere ndi yomwe imapha manotsi, ndipo muyenera kuifunafuna mwadala. Fomula yosowayo ndi iyi:

```
PPV = TP / (TP + FP)
```

Pansi pa mzere pali anthu onse omwe chipangizo chawaonetsa kuti ali ndi malungo, kaya ndi zoona kapena ayi. Lembani poyera m'manotsi mwanu kuti fomula iyi ndi ya pa mzere woyamba zili ndi TP pamwamba zonse ziwiri, koma zimasiyana pa gulu lomwe zikuyambira: ina ikuyambira pa odwala, inayo ikuyambira pa zotsatira za chipangizo. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo chiganizo chimodzi chonena kusiyanaku chimaposa tsamba lathunthu la matanthauzo okopera m'buku.

Kamuvi koloza m'mwamba kamene kali pa mzere wachitatu uja, kolumikiza PPV ndi prevalence, yomwe ndi kufala kwa matenda pakati pa anthu, n'kosadalirika kukasiya momwe kalili. Kamuvi pa silaidi kakhoza kutanthauza "kukwera", "kuyambitsa", "kutsatira" kapena "kusanduka", ndipo patapita miyezi simudzakumbukira tanthauzo lomwe mphunzitsi ankafuna. Ikani mneni m'malo mwa kamuvi kalikonse, ndipo pambuyo pake mulembe "chifukwa" n'kumaliza chiganizocho.

Chachisanu, tsimikizani chifukwacho ndi chitsanzo cha manambala chomwe mwachiwerengera nokha. Tiyerekeze kuti tili ndi chipangizo chomwe chimapeza odwala 95 mwa 100 alionse ndipo chimaonetsa molondola anthu 90 mwa 100 omwe alibe matenda. Manambalawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aphweke, ndipo m'manotsi mwanu muzilemba zimenezi pambali pake, kuti tsiku lina musadzawatenge ngati muyeso weniweni wa chipangizo china chake. Tiyeze anthu 1,000 pa nthawi yomwe malungo achuluka, monga momwe zimakhalira m'nyengo ya dzinja, ndipo tinene kuti 300 mwa iwo akudwaladi. Chipangizo chipeza 285 n'kuphonya 15. Mwa anthu 700 otsalawo, chinamizira 70. Onse omwe aoneka kuti ali ndi malungo ndi 355, ndipo odwala enieni mwa iwo ndi 285, zomwe ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo imeneyi ndiyo PPV.

Tsopano titenge chipangizo chomwecho kupita kudera komwe malungo ndi osowa, komwe mwa anthu 1,000 odwala ndi 20 okha. Chipeza 19 n'kuphonya mmodzi, koma mwa anthu 980 omwe alibe malungo chinamizira 98. Onse ooneka kuti ali ndi malungo ndi 117, ndipo odwala enieni ndi 19 okha, zomwe ndi pafupifupi 16 peresenti. Chipangizo sichinasinthe ngakhale pang'ono, koma chomwe chasintha ndi kuchuluka kwa anthu athanzi omwe chingawanamizire. Tsopano chiganizo cholowa m'malo mwa kamuvi kaja chikhoza kulembedwa: "Matenda akakhala ofala pakati pa anthu oyezedwa, mwayi woti munthu wopezeka nawo akudwaladi umakwera, chifukwa odwala enieni amachuluka poyerekeza ndi athanzi onamiziridwa." Musafufute masitepe a masamuwo n'kusiya mayankho okha, pakuti yankho la 16 peresenti lopanda njira yake lidzakhala lovuta kumva ngati silaidi yomwe munayambira.

Mzere womaliza uli ndi chitsanzo chongotchulidwa dzina, ndipo uyenera kulumikizidwa ku mizere ya pamwamba. mRDT ndi kachipangizo koyezera malungo mwachangu ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo HRP2 ndi puloteni yopangidwa ndi tizilombo ta malungo ta mtundu womwe ndi wofala kwambiri ku Malawi kuno, yomwe zipangizo zambiri zotere zimafunafuna. Puloteniyi imatha kutsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atamwa mankhwala n'kuchira, kotero munthu wochira akhoza kuonekabe ngati akudwala, ndipo ameneyo amalowa m'gulu la FP. Kumbali ina, m'mayiko monga Peru ndi Eritrea munapezeka tizilombo tomwe sitipanga puloteniyi, ndipo odwala otere chipangizo chimawaphonya, n'kulowa m'gulu la FN. Mukalemba motere, zilembo ziwiriziwiri zija zimasanduka anthu omwe mungawaone m'maganizo.

Chachisanu ndi chimodzi, onetsani komwe mfundo iliyonse yachokera. Njira yosavuta ndi kuika kachilembo kumapeto kwa chiganizo: M pa zomwe mphunzitsi ananena, B pa zochokera m'buku pamodzi ndi tsamba lake, ndi chizindikiro cha funso pa zomwe mwangoganiza nokha. Izi n'zofunika chifukwa choopsa chachikulu pa ntchitoyi si kusiya mpata, koma kutseka mpata ndi maganizo olakwika olembedwa m'ziganizo zosalala, zomwe patapita miyezi mudzazikhulupirira ngati kuti zinachokera kwa mphunzitsi. Zizindikiro za funsozo muzipite nazo kwa mphunzitsi kapena kulaibulale sabata yomweyo. Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, dzina la phunziro, dzina la fayilo ndi manambala a masilaidi, popeza aphunzitsi amasintha mafayilo semesita ili m'kati.

Mwina wina angadandaule kuti kuchita zonsezi pa masilaidi 40 a kalasi imodzi n'kosatheka, ndipo akunena zoona. Silaidi ya mutu, ya zolinga za phunziro kapena ya mndandanda wa mayina oti mungoloweza siifuna kutambasulidwa. Nthawi yanu ipite ku masilaidi omwe ali ndi fomula, mivi, matebulo ndi zithunzi. Pa galafu iliyonse lembani zomwe zili m'mbali zake zonse ziwiri, miyeso yake, ndi chiganizo chimodzi chonena zomwe mphunzitsi amafuna kuti muone. Ine ndimaona kuti silaidi ya mizere inayi ngati yathuyi ikatenga pafupifupi tsamba limodzi, ndiye kuti yakwanira. Ikafika masamba atatu, kawirikawiri munthu amakhala wayamba kukopera buku.

Pomaliza pake, yesani manotsiwo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, masilaidi ali otseka. Werengani funso la pamwamba lija, bisani zapansi, ndipo muyankhe pakamwa. Kenaka sinthani nambala imodzi m'chitsanzo, mwachitsanzo odwala akhale 100 mwa 1,000, ndipo muwerengerenso potsatira manotsi okha: muyenera kupeza odwala 95 opezeka, athanzi 90 onamiziridwa, ndi yankho la pafupifupi 51 peresenti. Ngati pali mnzanu yemwe sanalowe kalasi imeneyo, mupatseni awerenge, ndipo paliponse pomwe wakufunsani kuti "apa mukutanthauza chiyani?" ikani kadontho. Onaninso mawu monga "izi", "chija" ndi "monga ananenera aphunzitsi", chifukwa amaloza chinthu chomwe chinali m'mutu mwanu tsiku lolembalo koma sichinafike papepala. Pa kadontho kalikonse, tchulani chinthucho ndi dzina lake ndipo mumalize chiganizocho tsiku lomwelo.