Mmene mungatsimikizire kuti e^x ≥ 1 + x, osasiya mbali ya kumanzere kwa ziro

Aphunzitsi anzanga a masamu kuno ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, pamodzi ndi inu ophunzira amene mwafika pa ma delivetivi, pali funso limene limaoneka lofewa koma limadya mamakisi: sonyezani kuti e^x ≥ 1 + x pa nambala iliyonse x. Ambiri amayamba bwino. Amagwa pa nambala za negetivi, ndiye malangizo angawa akhazikika pamenepo.

Poyamba musalimbane ndi mbali ziwiri nthawi imodzi. Bweretsani zonse mbali imodzi, mupange fankishoni imodzi yoyeza mpata umene uli pakati pa ziwirizi:

f(x) = e^x − 1 − x

Ntchito tsopano yasintha nkhope. Tikungofuna kusonyeza kuti f(x) siitsika pansi pa ziro. Yambani ndi x = 0. Popeza e^0 = 1, tikupeza f(0) = 1 − 1 − 0 = 0. Mzere umenewu ulembeni papepala, musausunge m'mutu, chifukwa umboni wonse watsamira pamenepo.

Kenako pezani delivetivi. Ya e^x ndi e^x yemweyo, ya 1 ndi ziro, ya x ndi 1, choncho:

f′(x) = e^x − 1

Chimene tikufuna kwa f′ si kukula kwake ayi, koma chizindikiro chake. Lamulo lake ndi ili: pamene delivetivi ili pozitivu pa chigawo chonse, fankishoni ikukwera pa chigawocho, ndipo pamene ili negetivi, ikutsika. Kukwera ndi kutsika kumeneku timakuwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja nthawi zonse. Tsono e^x payokha imangokwera, chifukwa delivetivi yake e^x ndi yoposa ziro paliponse, ndipo imadutsa pa 1 pamene x = 0. Ndiye x akaposa ziro, e^x imaposa 1 ndipo f′ ndi pozitivu. x akachepera ziro, e^x imakhala pakati pa 0 ndi 1 ndipo f′ ndi negetivi.

Mbali ya kumanja ilibe vuto. Fankishoni yanyamuka pa f(0) = 0 ndipo ikukwera, choncho f(x) > 0 pa x aliyense woposa ziro.

Kumanzere ndiye kumafuna kudekha. Mwana akaona kuti f′ ndi negetivi amalemba msanga kuti "f ikutsika, choncho f(x) < 0", nkudabwa kuti watsutsa chimene amafuna kutsimikiza. Wayiwala kumene akuyendera. Tengani x wa negetivi, tinene −2. Kuchoka pa −2 kupita pa 0 tikuyenda cha kumanja, ndipo ulendo wonsewo f ikutsika. Ngati watsika mpaka kufika pa ziro, ndiye kuti kumene unachokera kunali pamwamba pa ziro. Choncho f(−2) > f(0) = 0, ndipo ndi chimodzimodzi kwa x aliyense wa negetivi. Amene anayendapo pamsewu wa Great East pochokera ku Lusaka akudziwa: umatsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa, ukaoloka nkuyamba chikweza. Kaya waima kutsidya lino kapena kutsidya lija, uli pamalo okwera kuposa mlatho. Pa girafu ya f, mlathowo uli pa x = 0.

Mukatero mangani umboni ndi chiganizo chomveka: f ikutsika mpaka pa 0, ikukwera kuchokera pa 0, ndipo siidukaduka, choncho mtengo wake wochepetsetsa ndi f(0) = 0. Motero e^x − 1 − x ≥ 0, kutanthauza kuti e^x ≥ 1 + x, ndipo mbali ziwirizi zimafanana pa x = 0 pokha.

Ndi bwino kuyesa ndi kakyuleta kuti ana aone ndi maso. Pa x = 1, e ndi pafupifupi 2.718, pamene 1 + x ndi 2, mpata 0.718. Pa x = −2, e^x ndi pafupifupi 0.135, pamene 1 + x ndi −1, mpata 1.135. Koma taonani, x akafika pa −1 kapena kuchepera apo palibe chodabwitsa, pakuti 1 + x sikuposanso ziro pamene e^x nthawi zonse ndi pozitivu. Malo enieni ofunika umboni kumanzereku ndi pakati pa −1 ndi 0. Pa x = −0.5 tikupeza 0.607 mbali iyi ndi 0.5 mbali inayo, mpata wochepa wa 0.107, ndipo umanka nuchepa tikamayandikira ziro. Ine ndimakonda kuti mphunzitsi ayese nambala za pamenepa, osati 5 kapena 10 zimene aliyense angaganizire yankho lake. Komabe muwauze kuti kuyesa nambala, ngakhale zikhale zana, si umboni. Kumangothandiza kugwira zolakwa.

Pochonga, samalani ndi mwana wolemba kuti "f′(x) > 0, choncho f(x) > 0" osatchula f(0). Kukwera si kukhala pamwamba pa ziro. Mpatseni g(x) = x − 5, imene delivetivi yake ndi 1 paliponse, koma g(2) = −3. Wina amapeza f′(0) = 0 nkulengeza kuti pamenepo ndiye pansi penipeni. Nayenso sanamalize: x³ ili ndi delivetivi ya ziro pa x = 0, koma imangodutsapo nkupitiriza kukwera. Chofunika ndi kusonyeza kuti chizindikiro cha f′ chasintha kuchoka ku negetivi kupita ku pozitivu. Palinso chizolowezi choipa chotenga e^x ≥ 1 + x nkupeza delivetivi mbali zonse ziwiri ngati kuti ndi ikweshoni. Sizitheka. Pa x wochepera 10, nzoona kuti 10 > x, koma ma delivetivi ake angatipatse 0 > 1, limene ndi bodza.

Ana akafunsa kuti zimenezi zikutanthauzanji, jambulani girafu ya y = e^x ndi mzere wa y = 1 + x pabolodi limodzi. Mzerewo ndi tanjenti ya girafuyo pa (0, 1): umaikhudza pamenepo, kwina konse uli pansi. Pa ndalama zimamvekanso. K1,000 pa chiwongola dzanja cha 10 peresenti pachaka, chowerengedwa kamodzi, imakhala K1,100. Chikamaonjezedwa mosalekeza timachulukitsa ndi e^0.1, pafupifupi 1.10517, nkupeza K1,105.17. Kusiyana kwa K5.17 ndi f(0.1) yemwe uja wochulukitsidwa ndi 1,000.

Kuti mudziwe ngati njirayi yalowa, apatseni ntchito iyi: asonyeze kuti e^x ≥ 1 + x + x²/2 pamene x ≥ 0. Akapanga h(x) = e^x − 1 − x − x²/2, apeza h(0) = 0, ndipo h′(x) ituluka e^x − 1 − x, f yomwe tangoitsimikiza kuti siitsika pansi pa ziro. Ndiye h ikukwera paliponse, kumanzere ndi kumanja komwe. Afunseni chifukwa chake funsoli laletsa x wa negetivi. Amene wamvetsa adzati fankishoni yokwera mpaka kufika pa ziro inachokera pansi pa ziro, ndipo x = −1 imuchitira umboni: e^x ndi 0.368, pamene 1 + x + x²/2 ndi 0.5.