Nyimbo ya masewera olimbitsa thupi m'mawa ikhale yopolokezana

Amayi ambiri kuno ku Lilongwe ayamba kukumana pabwalo la nyumba m'mamawa kuti alimbitse thupi asanayambe ntchito za tsiku. Magulu amene ndawayendera ku Kawale ndi ku Area 25 amandifunsa funso limodzimodzi: tiziyimba nyimbo yanji? Ndimawayankha kuti asatenge nyimbo yayitali ya kwaya. Apeke yawo yayifupi, yoti mmodzi azitsogolera ena n'kumavomera, monga timachitira pa chimtali.

Chifukwa chake ndi mpweya. Thupi likamagwira ntchito pamlingo woyenera, munthu amatha kuyankhula koma sangathe kuyimba mzere wautali osapumira. A zaumoyo amagwiritsa ntchito chizindikiro chomwechi poyeza ngati masewera afika pothandiza mtima. Ndiye mukasankha nyimbo yoti aliyense aziyimba mawu onse, chimodzi mwa ziwiri chichitika: nyimbo ifa pakati, kapena amayi achepetsa liwiro kuti ayimbe bwino, thukuta osatuluka. Kuvomera kwa liwu limodzi kumathetsa vutoli.

Nayi yomwe ndimaphunzitsa:

Wotsogolera: Kwacha, amayi, kwacha!
Onse: Tadzuka!
Wotsogolera: Mwendo wamanja patsogolo!
Onse: Taponda!
Wotsogolera: Wamanzere usatsale!
Onse: Taponda!
Wotsogolera: Manja m'mwamba, thyolani mango!
Onse: Tathyola!
Wotsogolera: Pindani maondo, tolani nkhuni!
Onse: Tatola!
Wotsogolera: Ndani watopa pabwalo pano?
Onse: Palibe!

Taonani kuti mawu a wotsogolera ndi malangizo okhaokha, kotero mayi wobwera koyamba safunika kumufotokozera chilichonse. Mzere uliwonse utenge mapondedwe 8: wotsogolera ayimbe pa 6 oyamba, gulu livomere pa 2 otsiriza. Mizere ilipo 6, ndiye nyimbo yonse ndi mapondedwe 48. Liwiro labwino kwa munthu wamkulu ndi kuponda pafupifupi ka 100 pa mphindi imodzi, choncho nyimboyi imatha pa theka la mphindi. Mukayibwereza ka 10 mwakwanitsa mphindi 5.

Kuyeza liwiro sikovuta. Mmodzi agwire foni, awerenge kuti gulu laponda kangati pa masekondi 15. Akapeza 25, muli bwino. Akapeza 18 kapena 20, ndi liwiro lotenthetsera thupi, loyenera mphindi 5 zoyambirira, makamaka mu June ndi July pamene kunja kumacha ndi chisanu ndipo maondo amakhala ouma. Liwiro lomwelo mubwererenso nalo pomaliza, osangoima mwadzidzidzi.

Chimene chimasokonekera kawirikawiri ndi kuthamanga kwa nyimbo. Anthu akasangalala, kuwomba m'manja kumafulumira pakokha, ndipo atsikana amakoka gulu lonse. Wotsogolera azimvetsera kavomeredwe. "Taponda" akamamveka mwamphamvu, zonse zili bwino. Akayamba kumveka mwa apo ndi apo, ena akungogwedeza milomo, dziwani kuti mwapitirira. Bwezani liwiro osadikira kuti wina adandaule. Mzere wotsiriza uja ndinauika dala. Mayi amene walephera kuyankha kuti "Palibe" wayankha kale, ndipo apite pambali akayende pang'onopang'ono mpaka mpweya ubwerere. Koma wina akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mdima m'maso, asiyiretu ndipo aperekezedwe kuchipatala. Amene ali ndi BP, shuga kapena ndi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala za mlingo wowayenera.

Wotsogolera ndiye amatopa msanga, poti amayimba mawu ambiri akupondanso. Muzisinthana pakatha mphindi 5 zilizonse. Wolowa m'malo ali ndi ufulu wosintha mawu, bola akwane m'mapondedwe 6 aja: "Pukusani mapewa, amayi!" gulu n'kuti "Tapukusa!" Ine ndimakonda zimenezi chifukwa nyimbo sikalamba, ndipo ngakhale amayi amanyazi amapeza mpata wotulutsa mawu.

Pa mzere wa nkhuni samalani. Pindani maondo msana uli wowongoka, ngati mukufuna kukhala pampando, osati kuwerama monga posesa. Amayi aakulu ndi amene abereka mwana kumbuyo atsike pang'ono chabe, ndipo asadumphe.

Bwalo lisesedwe, miyala ichotsedwe, ndipo m'miyezi ya fumbi ya September ndi October muwazepo madzi pang'ono, chifukwa woyimba amapuma ndi pakamwa. Poti nyumba zathu ndi zoyandikana, nthungululu ndi wenzulo zidikire dzuwa lituluke.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera otere mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 pa masiku 5. Gulu latsopano lisayambire pamenepo. Sabata yoyamba chitani mphindi 10 kapena 15, ndipo muziwonjezera mphindi 5 mukaona kuti kuvomera kukumveka mwamphamvu mpaka kumapeto.