Mchere wa pamulu uja ukutibweretsera chithokomiro

Chaka chino ndalama yavuta ndiye anthu ambiri abwerera ku mchere wamiyala wa pamulu, uja amayeza ndi kachitini pamsika, thumba lake lopanda ndi chilembo chimodzi chomwe. Poyenda m'makomo ndikumaupeza uli m'chigoba chosavindikira pafupi ndi mafuwa, wanyowa ndi nthunzi, ena mpaka amayamba autsuka kuti fumbi lichoke. Ayodini, kanthu kamene thupi limafuna kuti tisadwale chithokomiro, amathiridwa kunja kwa timiyalato, ndiye mukatsuka amapita ndi madziwo, ngati analimo n'komwe. Nkhani imeneyi tainena kangati kusikelo koma?

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe, madokotala amati thayiroidi. Kamatola ayodini m'magazi n'kumumata pa kanthu kena kochokera m'zakudya zomanga thupi kotchedwa tayirosini, zikalumikizana ndiye imatuluka homoni, mankhwala a m'thupi oyenda m'magazi, ya mitundu iwiri, T4 ndi T3. Dzina loti T4 likutanthauza kuti pali timadontho 4 ta ayodini, T3 pali 3, ndipo T3 ndi imene imagwira ntchito kwambiri, thupi limaipanga pochotsa kadontho kamodzi pa T4. Popanda ayodini palibe chomangira, ngati mmisiri amene mwamuitana njerwa mulibe.

Homoniyo ikachepa m'magazi, kachiwalo kena ka pansi pa ubongo kamatumiza uthenga wotchedwa TSH kuti iwe gwira ntchito, thayiroidi imayesetsa koma zipangizo palibe, uthengawo umangobwerabe mwezi ndi mwezi mpaka thayiroidiyo imakula pofuna kukokera ka ayodini kochepa kamene kalipoko. Chithokomiro ndi chimenecho basi, si kulodzedwa.

Mayi wina amene amalima chinangwa kumtunda kuno anandionetsa khosi lake lili mphini zokhazokha, akuti anapereka nkhuku ziwiri kwa asing'anga chifukwa amaganiza kuti ndi mkazi mnzake wamutumizira. Nditafunsa za mchere anaseka, amvekere "alangizi, wa m'paketi uja sukolera, wamiyala kachitini kamodzi timatha nako mwezi." Ndipo chinangwa chowawa amavuula chisanafewe chifukwa ana akudikira nsima. Poizoni wotsala m'chinangwa chosavikidwa bwino thupi limamusandutsa mankhwala ena amene amalimbirana khomo ndi ayodini polowa mu thayiroidi, ndiye kochepa komweko kamatsekeredwanso panja. Mayiyo anali ndi pakati pa miyezi itatu, apa mpamene mtima wanga unawawa.

Chifukwa chotupa pakhosi chimaoneka, koma za mwana sizioneka. Miyezi yoyambirira ya mimba thayiroidi ya mwana imakhala isanayambe ntchito, imayamba cha pa masabata 12 ndipo ngakhale pamenepo imadalirabe mayi mpaka cha pakati pa mimba, pomwe ubongo ukumangidwa kale usana ndi usiku ndipo homoni imeneyi ndi imene imatsogolera kuti tizigawo ta ubongo tipite pamalo pake n'kulumikizana. Nthawi imeneyo ikadutsa siibwereranso, mudzamupatsa mchere wabwino ali ndi zaka 7 zidzathandiza pang'ono koma zomwe zinalephera kumangidwa m'mimba sizimangidwanso. Zikavuta kwambiri mimba imapita padera, kapena mwana amabadwa wosamva, wosalankhula, wopinimbira. Koma ambiri amaoneka abwinobwino, kungoti kusukulu akubwereza sitandade 2 kawiri katatu inu n'kumamukalipira kuti ndi waulesi.

Chomvetsa chisoni n'choti ayodini wofunikayo ndi wochepetsetsa. Munthu wamkulu amafuna mamayikirogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Mchere wothiridwa bwino, titi mamiligalamu 30 pa kilogalamu, supuni yaing'ono imodzi ya magalamu 5 imakwanitsa 150 ija, poti miligalamu imodzi ndi mamayikirogalamu 1,000. Ena amati ife timadya usipa tsiku ndi tsiku, koma nsomba za m'nyanja yathu ya madzi opanda mchere zili ndi ayodini wochepa poyerekeza ndi za kunyanja yamchere, ndipo nthaka ya kumapiri inakokoloka kalekale ndi mvula moti chimanga ndi ndiwo zake mulibe zambiri.

Chochita ndiye mukuchidziwa kale. Gulani wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini, thirani m'botolo louma lotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa, osatsuka. Musachite kuchulutsa mchere m'ndiwo poti muli ayodini, mungadzitengere vuto la kuthamanga kwa magazi. Chinangwa chowawa chivikidwe mpaka chifewe. Amene khosi latupa kale, makamaka ngati akuvutika kumeza kapena kupuma, apite kuchipatala chifukwa si chotupa chilichonse chimene chimabwera ndi kusowa ayodini, ndipo amayi musadikire mimba ioneke kuti musinthe mchere.