Momwe mungadziwire ngati uthenga wosokonekera ndi wa kiyibodi kapena ndi zopanda pake

Uthenga ukafika pa WhatsApp uli ndi zilembo zosamveka, ambiri timangoti mwana amaseweretsa foni. Musafulumire kuufufuta. Malaputopu akale ochokera ku Falansa ndi ku Belijiyamu kiyibodi yake ndi ya AZERTY, kutanthauza kuti zilembo za pamabatani zimayamba ndi A, Z, E, R, T, Y, osati ya QWERTY yomwe tinazolowera muno mu Lusaka. Zolembedwa pa mabatani zikasiyana ndi kiyibodi yomwe Windows inaikidwapo, zilembo zimasinthana, ndipo munthu wolemba maso ali pa mabatani amadina Enter asanaone zomwe zatuluka. Tigwiritse ntchito uthenga uwu, wolembedwa pa mabatani a QWERTY pomwe Windows inaikidwa pa AZERTY:

```
Q,qlu,e tu,iwqni K&-àà ,qzq ,ù,qzq; gqli,oto yqzonongekq:
```

Choyamba, musawerenge, ingoyang'anani maonekedwe ake. Kodi muli mipata? Kodi mawu ake ndi otalika ngati mawu enieni? Uwu uli ndi zidutswa zisanu ndi ziwiri, zina zazitali zina zazifupi, monga chiganizo cha munthu amene ali ndi chonena. Mwana akamamenya mabatani zimatuluka zina: chilembo chimodzi chobwerezedwa kambirimbiri, kapena mabatani oyandikana ngati `asdfg` ndi `hjkkkl`, mipata palibe kapena ili paliponse.

Chachiwiri, onani kumapeto kwa mawu. Mawu a Chinyanja amathera ndi a, e, i, o kapena u. AZERTY sikhudza e, i, o ndi u, koma a amasanduka `q`. Choncho mukaona mawu akuthera ndi `q`, ndiponso `q` ali mbwee pomwe a sakupezeka ngakhale mmodzi, nkhani yatha. Chilankhulo chathu chilibe q, ndipo palibe chiganizo chathu chachitali chomwe chingasowe a. Kungoti mameseji a muno timasakaniza ndi Chingerezi, ndiye yesani njirayi pa mawu a Chinyanja okha.

Chachitatu, lembani papepala zomwe zasinthana. Ndi zochepa: `q` ndi a, `z` ndi w, `w` ndi z, `,` ndi m, ndipo M wamkulu amatuluka `?`. Kachizindikiro ka mu m'mawa kamatuluka `ù`, mpatuliro weniweni umatuluka `;`, ndipo kadontho kotsekera chiganizo ndi `:`. Mukatero `Q,qlu,e` ndi Amalume, `tu,iwqni` ndi tumizani, `,qzq ,ù,qzq` ndi mawa m'mawa, ndipo kumapetoko akuti galimoto yawonongeka. Chomwe chimasiyanitsa uthenga wotere ndi zopanda pake n'chakuti lamulo lake silisintha. Ngati `q` ndi a m'mawu oyamba, akhale a mpaka kumapeto. Mukapeza kuti pa mawu aliwonse mukufunika lamulo latsopano kuti amveke, ndinu amene mukupeka tanthauzolo, siyani.

Nthawi zina m sakhala `,` koma `;`, monga `;uli bzqnji`. Pamenepo ndiye kuti mabatani olembedwa pa laputopu ndi a AZERTY pomwe Windows inaikidwa pa kiyibodi ya ku Amerika. Zimachitika kwambiri pa makina omwe ogulitsa mu tauni anangoikamo Windows yatsopano osasamala za kiyibodi. Ukabwerera kukadandaula ena amakuuza kuti kiyibodi yafa, ugule ina, kapena amakulipiritsa ya ukatswiri pa ntchito yodina mabatani awiri. Musanapereke ndalama, tsegulani Notepad pomwepo pa kauntala, mulembe zikomo, mawa ndi manambala onse.

Tsopano pomwe panandivuta ine, ndipo apa pitani pang'onopang'ono. Uthenga ukakhala wautali, monga kalata kapena mndandanda wa katundu, kuumasulira papepala n'kotopetsa, ndiye munthu amauika mu Notepad n'kudina `Ctrl+H` kuti asinthe zilembo zonse pakamodzi. Za `q` kukhala a sizivuta ngati mulibe mawu a Chingerezi okhala ndi q. Vuto lili pa z ndi w. Mukasintha `z` onse kukhala `w`, kenako `w` onse kukhala `z`, mwabweza zomwe munakonza poyamba, ndipo tsamba lonse lidzadzaza z. Pa kalata yomwe ndinkakonza, mawa anasanduka maza, ndipo panalibenso njira yodziwira kuti z uti anali w poyamba. Muyenera kusungitsa chilembo chimodzi pa chizindikiro chomwe mulibe mu uthengawo, ndipo ndondomeko yake ikhale iyi:

```
z -> #
w -> z
# -> w
, -> m
; -> ,
```

Mizere iwiri yomalizayo nayonso isasinthane malo. Mukayamba ndi `;`, mipatuliro yeniyeni imasakanikirana ndi ija yoimira m, kenako yonse imasanduka m. Chongani `Match case` kuti zilembo zazikulu muzikonze padera, ndipo sungani uthenga woyambirira pena musanayambe. Ngati mukugwirira pa makina omwewo osokonekerawo, chenjerani ndi `Ctrl+Z`. Batani lomwe chala chanu chikulidziwa ngati Z likutumiza W, ndiye m'malo mobweza zomwe mwalakwitsa mutseka tsamba lomwe mukugwirapo.

Manambala ndiwo oopsa chifukwa ndi ndalama. Pa AZERTY ya ku Falansa mzere wapamwamba, popanda Shift, umapereka izi:

```
1 2 3 4 5 6 7 8 9 0
& é " ' ( - è _ ç à
```

Ndiye `K&-àà` ndi K1600. Diso limalumpha `-` poganiza kuti ndi kamzere chabe, n'kuwerenga K100. Chimodzimodzi `'` yemwe ndi 4. Werengani zizindikiro chimodzichimodzi, ndipo ikakhala nambala ya foni zikwane 10. Kiyibodi ya ku Belijiyamu imasiyana pawiri: 6 ndi `§`, 8 ndi `!`. Komabe uthenga wopempha ndalama, ngakhale mwaumasulira bwino chotani, imbani foni kaye mumve mawu a mphwanuyo. Kumasulira kumangokuuzani zomwe zinalembedwa, osati amene analemba.

Zotsalazo ndi zachidule. Mukaona `yikomo` kapena `nzumba`, ndi kiyibodi ya ku Jeremani ya QWERTZ, yomwe imasinthanitsa y ndi z. Imeneyi ndi yachinyengo chifukwa yanga amatuluka zanga, mawu enieni ndithu. Mukaona `0435 bwan15`, Num Lock yayaka pa laputopu yopanda mabatani a manambala pambali, ndipo m, u, l, i, j asanduka 0, 4, 3, 5, 1. `,i;o nesmko` ndi muli bwanji wa munthu amene manja ake anasendera batani limodzi kumanja. Amayambanso ndi `,` koma mulibe `q`, bwezani chilembo chilichonse kumanzere. `mâ€™mawa` si kiyibodi konse, ndi pulogalamu yomwe yawerenga fayilo molakwika. Zilembo zina zikamangosowa osalowedwa m'malo ndi china, ndiye batani lafadi, mwina munalowa tiyi.

Pafoni ya m'manja izi sizichitikachitika, poti chilembo chomwe ukuona pagalasi ndi chomwe chimatuluka. Ngati mukudziwa kuti wotumizayo alibe kompyuta, n'kutheka kuti foni inali m'thumba.

Kukonza makinawo: muuzeni wotumizayo ayang'ane pansi kumanja pafupi ndi wotchi. Pakalembedwa `FRA` adine `Windows+Space` mpaka pabwere `ENG`. Achotseretu kiyibodi yosafunikayo mu `Settings`, pansi pa `Time & language`, chifukwa `Alt+Shift` imadinika mwangozi n'kuibweretsanso. Ngati mabatani enieniwo ndi a AZERTY, asankhe chimodzi: aike Windows pa Chifalansa kuti zigwirizane ndi zolembedwazo, kapena amate timapepala ta QWERTY pamabatani, kapena alumikize kiyibodi ya USB. Pasiwedi yomwe anaipanga makina ali osokonekera aisinthe asanakonze, aike ya zilembo zokhazokha zomwe sizisinthana, apo ayi ikamukana polowa.