Momwe mungalipirire oumba mabuloko osatsika pansi pa malipiro a boma

M'mayadi oumbira mabuloko ku Chalala ndi ku Garden mu Lusaka, ambiri amalipidwa pa buloko lililonse. Njirayi ndi yabwino, koma kwa munthu amene mwamulemba ntchito, ndalama zake zisachepere pa zimene boma linakhazikitsa. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, wantchito wamba ku Zambia ayenera kulandira K7.15 pa ola, kapena K1,487 pamwezi. Ndalama za nyumba, za ulendo ndi za chakudya cha masana n'zapadera, musaziphatikize pa masamu awa.

Choyamba, gulani kope. Tsiku lililonse lembani nthawi imene munthu wafika, imene waweruka, ndi mabuloko amene waumba, kenako asayine. Ambiri amangowerenga mabuloko, maola osalemba, ndiye pakabuka mkangano palibe pogwira.

Loweruka werengani mabuloko. Tinene kuti mumalipira 50 ngwee pa buloko, ndipo wina waumba 800 pa maola 48, omwe ndi maola a sabata yathunthu malinga ndi lamulo la ntchito la 2019. Wapeza K400. Malire ake ndi maola 48 kuchulukitsa ndi K7.15, zomwe ndi K343.20. Wadutsa, mpatseni K400 yake yonse.

Vuto limabwera sabata ya mvula, kapena malaiti akapita makina n'kuima. Munthu yemweyo wabwera masiku onse, koma waumba 560 okha, ndiye K280. Mukagawa ndi 48 mupeza K5.83 pa ola. Apa muwonjezere K63.20 kuti afike pa K343.20. Ndikudziwa kuti zimawawa, chifukwa sabata imeneyo inunso simunagulitse kwenikweni. Komabe munthu amene mwamuuza kuti adikire simenti kapena galimoto ya mchenga ali pantchito, sangachoke kukafuna pisiweki kwina. Ngati mwaona kuti tsikulo lafa, gwirizanani msanga ndipo lembani m'kope.

Samalani kwambiri ndi ovataimu, chifukwa masamu ake amanamiza. Ola lililonse lopitirira 48 limalipidwa ndi theka pamwamba, ndipo pa holide ya boma limalipidwa kawiri. Wina wagwira maola 52 n'kuumba 760, ndiye K380. Mukangogawa ndi 52 mupeza K7.31, n'kuganiza kuti zili bwino. Ayi ndithu. Maola anayi owonjezerawo ndi K42.90, ndipo mukaphatikiza ndi K343.20 malire akhala K386.10. Watsalira ndi K6.10.

Mabuloko osweka musamangowadula pa malipiro. Nthawi zambiri chimene chimaswa buloko ndi kuchepa kwa simenti kapena kusathirira madzi, osati dzanja la woumba.

Mukaona kuti sabata ndi sabata mukuwonjezera ngakhale kwa anyamata olimbikira, ndiye kuti 50 ngwee yachepa. Onani mabuloko amene munthu wamba amaumba pa ola. Ngati ndi 12, gawani K7.15 ndi 12, ndipo mtengo wa buloko usatsike pa 60 ngwee. Boma likasintha malipiro, funsani mtengo watsopano ku ofesi ya Unduna wa Zantchito, muwerengenso.