Momwe mungawerengere faiba, shuga ndi makabohaidireti pa paketi ya chakudya

M'mashopu a pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje mumapezeka katundu wa mitundu ingapo pa shelefu imodzi: wopangidwa kwathu kuno, wochokera ku South Africa, wolowa kudzera ku Mozambique wolembedwa m'Chipwitikizi, ndiponso mwa apo ndi apo wolembedwa mwa kalembedwe ka ku America. Kuseri kwa mapaketi ambiri kuli katebulo ka manambala, koma matebulowa sawerengera mofanana faiba, gawo la chakudya losagayika m'mimba. Kwa munthu wa matenda a shuga, kapena amene akuchepetsa zakudya za sitachi, kusiyana kumeneku n'kumene kumasokoneza masamu onse.

Yambani ndi mutu wa tebulo

Musanayang'ane nambala ina iliyonse, onani kuti manambalawo ndi a chakudya chochuluka bwanji. Matebulo ambiri amakhala ndi magawo awiri. Gawo lina ndi la magalamu 100 kapena mamililita 100, lina ndi la mlingo umene kampani yaganiza kuti munthu amadya kamodzi, ndipo pamwamba pake amalemba "Per serving", kapena "Por porção" ngati ndi Chipwitikizi. Gwiritsani ntchito gawo la 100, chifukwa mlingo wa kampani nthawi zambiri umakhala waung'ono: mabisiketi awiri, pomwe munthu pa tiyi wam'mawa amatha theka la paketi. Dziwaninso kuti katundu wa ku South Africa ndi ku Mozambique amalemba chizindikiro cha mpatuliro pamene ife timaika kadontho, choncho 5,8 g ndi magalamu 5.8, osati 58.

Shuga ali kale mkati mwa makabohaidireti

Pezani mzere wolembedwa "Carbohydrate", "Glycaemic carbohydrate", "Total Carbohydrate" kapena "Hidratos de carbono". Pansi pake, molowa mkati pang'ono, pamakhala mzere wa shuga: "of which total sugar", "Total Sugars" kapena "dos quais açúcares". Kulowa mkatiko kukutanthauza kuti shugayo ndi gawo la nambala yapamwamba. Paketi ikati makabohaidireti 70, shuga 25, ndiye kuti onse ndi 70, osati 95. Otsalawo, 45, ambiri ndi sitachi.

Apa ndi pamene anthu ambiri a matenda a shuga amanamizidwa ndi dzina la matenda awo. Amathamangira mzere wa shuga, akaona kanambala kakang'ono amagula ali ndi mtima m'malo. Koma sitachi ikagayidwa m'mimba imasanduka gulukosi yemweyo amene kamakina kamayeza kuchokera ku kadontho ka magazi ka pachala. Makonifuleki amakhala ndi shuga osafika magalamu 10 pa 100, pomwe makabohaidireti ake amaposa 80, ndipo amakweza shuga m'magazi msanga kwambiri. Ufa woyera wa nsima shuga wake ndi wochepetsetsa, koma wodwala aliyense amadziwa zimene mitanda itatu ya masana imachita akadziyeza patapita maola awiri.

Funso lalikulu: faiba wachotsedwa kale kapena ayi?

Faiba ndi gawo la chomera limene m'mimba mwathu simuligaya kukhala gulukosi. Ndi amene amachuluka m'madeya, m'makoko a nyemba ndi nandolo, m'mapira ndi mchewere osakonola. Popeza sakweza shuga m'magazi monga imachitira sitachi, anthu ena amamuchotsa pa makabohaidireti, ndipo chotsalacho ndicho amachitcha makabohaidireti a neti. Kuchotsako kulibe vuto. Vuto ndi lakuti pa mapaketi ambiri amene timagula kuno opanga anachotsa kale, ndiye munthu akachotsanso amakhala wachotsa kawiri.

Kalembedwe ka ku America kamazindikirika ndi mutu waukulu wakuti "Nutrition Facts". Pamenepo "Total Carbohydrate" ndi zonse pamodzi, sitachi, shuga ndi faiba, ndipo mzere wa "Dietary Fiber" umakhala pansi pake molowa mkati, monga wa shuga. Pa paketi yotere mukhoza kuchotsa. Kalembedwe ka ku South Africa ndi ku Ulaya n'kosiyana: faiba amakhala ndi mzere wake payekha, wolingana ndi wa mapuloteni ndi wa mafuta, ndipo nambala ya makabohaidireti ndi ya okhawo amene thupi limagaya. Mukaona mawu akuti "Glycaemic carbohydrate" musakayikenso, imeneyo ndi neti kale. Mapaketi a Chipwitikizi olembedwa "Hidratos de carbono" ndi "Fibra" pa mizere yosiyana nthawi zambiri amatsata njira yomweyi.

Tiyeni tione pa phala la otsi, lomwe ambiri amagula akauzidwa kuti asinthe kadzutsa. Tinene kuti muli ndi mapaketi awiri. Yoyamba, ya kalembedwe ka ku America, ikuti pa mlingo wa magalamu 40 muli makabohaidireti 27, faiba 4, shuga 1. Yachiwiri, ya ku South Africa, ikuti pa magalamu 100 muli makabohaidireti 58, faiba 10, shuga 1. Kuti muziyerekeze, bweretsani yoyamba pa 100 pochulukitsa ndi 2.5. Makabohaidireti akhala 67.5, faiba 10. Mukachotsa mupeza 57.5. Mwaona? Ndi otsi mmodzimodzi, 57.5 ndi 58, ngakhale pongoyang'ana yachiwiri imaoneka ngati yopepukirapo.

Tsono mwaphika magalamu 60 a otsi wouma. Masamu ake ndi awa:

```
58 x 60 / 100 = 34.8
```

Ndiye kuti m'mbalemo muli makabohaidireti pafupifupi magalamu 35. Amene wachotsanso faiba pa paketi yachiwiri apeza 48 pa 100, ndipo mbale yomweyo aiwerengera 29. Wataya magalamu 6. Pa otsi cholakwikacho si chachikulu kwenikweni, ndipo kunena zoona zimene timathira pamwamba n'zimene zimasintha zinthu kwambiri: kapu ya mkaka ya mamililita 250 imawonjezera pafupifupi 12, masupuni aang'ono awiri a shuga amawonjezera 8, phala lija n'kufika 55. Koma pa chakudya cha faiba wambiri kusiyanako kumakula. Ufa wa malambe, omwe ku Chigwa cha Shire kuno sasowa, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi faiba. Paketi imodzi ikhoza kulemba makabohaidireti opitirira 70, ina osafika 40, ufa uli womwewo.

Paketi ikakhala yosamveka, monga zimachitikira ndi katundu wopakidwa ndi timakampani ting'onoting'ono, pali njira ziwiri zoyesera. Yoyamba: faiba akaposa makabohaidireti, ndiye kuti ali panja, chifukwa gawo silingapose chinthu chonse. Yachiwiri: pa gawo la magalamu 100 phatikizani mapuloteni, mafuta, makabohaidireti ndi faiba. Zikapitirira 100, faiba mwamuwerengera kawiri, kutanthauza kuti ali mkati mwa makabohaidireti ndipo mukhoza kumuchotsa. Ufa wa malambe wolembedwa makabohaidireti 78 ndi faiba 48 wafika kale 126 musanaphatikize china. Zikapanda kufika 100, njirayi siikuuzani kanthu motsimikiza, chifukwa madzi a m'chakudya salembedwa pa tebulo. Zikatero tengani nambala ya makabohaidireti momwe ilili, osachotsapo.

Zakumwa za nthawi yotentha

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Chigwa likamaswa mtengo, shuga wambiri amalowa m'thupi kudzera m'botolo, osati m'mbale. Zakumwa zambiri zilibe faiba woti n'kumuwerengera, choncho masamu ake ndi achidule. Botolo la mamililita 500 lolembedwa shuga 11 pa 100 lili ndi magalamu 55. Supuni yaing'ono ya tiyi yosasefukira imatenga pafupifupi magalamu 4, ndiye botololo ndi masupuni pafupifupi 14. Bungwe loona za umoyo padziko lonse mu 2015 linalangiza kuti shuga wothira, wa uchi ndi wa madzi a zipatso asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku, zomwe kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50. Botolo limodzilo ladutsa kale.

Pa chakumwa chosungunula ndi madzi onani ngati manambala ndi a chosungunula kale kapena a chochokera m'botolo, chifukwa kunyumba ambiri timathira mokoleretsa kuposa momwe alembera. Pa maheu a m'botolo werengani makabohaidireti onse, popeza muli ufa kuwonjezera pa shuga. Madzi a malambe nawo asakupusitseni ndi mbiri ya faiba ya chipatso chake: amasungunulidwa ndi madzi ambiri n'kuthiridwa shuga kuti aphe kuwawasa. Mkaka wopanda chothira umaonetsa shuga pafupifupi 5 pa 100, koma ameneyo ndi wachibadwa wa mkaka, sawerengedwa pa 50 uja, ngakhale wa matenda a shuga amamuwerengerabe pa makabohaidireti ake.

Ndiye muwerenge chiyani?

Zimadalira chimene mukufuna. Ngati cholinga ndi kuchepetsa zotsekemera pakhomo chifukwa cha mano a ana kapena kunenepa, mzere wa shuga ukukwanirani, pamodzi ndi mndandanda wa zosakaniza, womwe umayamba ndi chochuluka kwambiri. Shuga kapena manyuchi a gulukosi akakhala pa malo oyamba kapena achiwiri, mwadziwa kale.

Ngati muli ndi matenda a shuga, werengani makabohaidireti monga alembedwera, muchulukitse ndi zimene mwadyadi. Pa mapaketi a ku South Africa, ku Ulaya ndi ambiri a Chipwitikizi mwathana nazo pomwepo. Pa a kalembedwe ka ku America, kuchotsa faiba kumakhala ndi phindu akakhala wambiri, magalamu opitirira 5 pa zimene mwadyazo. Galamu imodzi kapena awiri sasintha kanthu pa kamakina. Amene amabaya insulini molingana ndi chakudya asasinthe kawerengedwe payekha. Atenge paketiyo pa tsiku la kiliniki ya shuga akagwirizane ndi dokotala, chifukwa kuwerengera mopitirira kumachititsa kubaya wambiri, shuga n'kutsika moopsa.

Maswiti ndi mabisiketi olembedwa "sugar free" ndi nkhani ina. Ambiri amatsekemera ndi mankhwala otchedwa mapoliyolo, amene pa mndandanda amalembedwa "maltitol", "sorbitol", "xylitol" kapena "erythritol". Nambala yaikulu yakuti "net carbs" kumaso kwa paketi nthawi zambiri imakhala itawachotsa onse, pomwe mawu amenewa alibe tanthauzo limodzi lokhazikitsidwa ndi lamulo. "Erythritol" pafupifupi sakweza shuga, koma "maltitol" amakweza ndithu, n'chifukwa chake chizolowezi chakale ndi kuchotsa theka lokha la mapoliyolo. Bisiketi ya makabohaidireti 20 yokhala ndi mapoliyolo 8 muiwerengere 16, osati 12. Mukadya zambiri zimadzaza mpweya ndi kutsegula m'mimba. Ndipo munthu akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta chifukwa shuga watsika, musamupatse maswiti amenewa. Ngati akutha kumeza, musungunulireni masupuni aang'ono anayi a shuga weniweni m'madzi, ndipo mumuyezenso pakatha mphindi 15.