Mowa ndi ululu wa gauti pa chala changa

Kwa miyezi ingapo ndinkadzidzimuka pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chitatupa, chitafiira ndiponso chikutentha, moti ngakhale bulangeti likachikhudza ndinkabuula. Atandiyeza magazi kuchipatala, anapeza kuti asidi wa yuriki wafika mamiligalamu 9 pa desilita, pamene akapitirira 6.8 amayamba kuundana n'kukhala timiyala tosongoka ngati singano m'malo olumikizira mafupa. Nthenda imeneyi ndiyo amaitcha gauti.

Ndinazindikira kuti ululuwo unkabwera pasanathe tsiku limodzi kapena awiri nditamwa mowa. Adokotala anandifotokozera kuti mowa wa chimera uli ndi mapyurini, amene thupi limawasandutsa asidi wa yuriki, komanso kuti chiwindi chikamaphwanya mowa, m'magazi mumachuluka asidi wa lakitiki, amene amalepheretsa impso kutaya asidi wa yuriki mumkodzo. Choncho asidiyo amapangidwa wambiri pamene njira yake yotulukira yachepa, ndipo zimaipiraipira chifukwa mowa umatha madzi m'thupi.

Ndinasiyiratu mowa, ndinayamba kumwa madzi okwana malita awiri patsiku, ndiponso ndinaleka kudya chiwindi ndi impso zootcha zimene ndinkakonda pakanyenya, chifukwa nazonso zili ndi mapyurini ambiri. Izi zokha sizinakwanire, motero anandipatsa mankhwala a alopurino, kuyambira mamiligalamu 100 patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. M'mwezi woyamba chala chinatupanso, ndipo ndikanawasiya akanapanda kundichenjeza kuti zimenezi zimachitika timiyala tikayamba kusungunuka. Tsopano asidiyo watsika kufika pansi pa 6, ndipo nsapato ndikuvala bwinobwino.